Adzamva Anthu Atatu Okha

Komiti idabweza pempho la Victoria kawiri. Komitiyi ndi ija imakhala pa sukulu ya ukachenjede kuunika kafukufuku aliyense wokhudza anthu, ndipo popanda chidindo chake wophunzira safunsa munthu ngakhale funso limodzi. Ulendo woyamba idati kalata yowerengera ofunsidwa ili m'Chingerezi ndi m'Chichewa mokha, pamene kumene akupitako ambiri amayankhula Chiyao. Victoria adakonza. Ulendo wachiwiri pepala lidabwerera lili loyera, kupatula funso limodzi m'mphepete mwa tsamba: mawu amene mudzajambule adzawamva ndani?

Victoria adali wa ku Chembe, mwana wa msodzi, ndipo ankamaliza maphunziro a zaumoyo. Kafukufuku wake adali wa akazi amene amuna awo adathera panyanja: akugona bwanji, akudya kodi, akumuuza ndani zimene zili mumtima, ndipo ngati maganizo ofuna kudzichotsera moyo amawafikira. Akazi otere adakula akuwaona. Maliro akatha anthu amabalalika, mkazi n'kutsala akuyang'anizana ndi madzi omwewo tsiku lililonse.

Adapita ku ofesi ya komiti mtima uli m'mwamba. Mlembi wa komitiyo, mayi Edith, ankadya chimanga chootcha kuseri kwa mulu wa mafayilo.

"Mayi, ndinalemba kale kuti maina sindidzalemba. Aliyense adzakhala nambala."

"Nambala imabisa dzina papepala," adatero mayi Edith. "Koma inu, mayi anu atatsokomola kuseri kwa mpanda, simungawadziwe?"

Victoria adaseka osafuna.

"Kalembeni bwino. Tikufuna anthu owerengeka, osati zoti 'gulu la kafukufuku'. Gulu lilibe nkhope."

Adakalembanso. Kalata yake yofotokoza m'mene adzatetezere ofunsidwa idadzaza masamba awiri. Adalemba kuti sadzayenda khomo ndi khomo, chifukwa mudzi wonse umaona pamene mlendo waima; adzacheza ndi amayiwo pa tsiku la sikelo, m'kachipinda ka kuseri kwa chipatala chaching'ono, kumene mayi aliyense amalowa popanda womufunsa. Adalemba kuti munthu ali ndi ufulu wokana, wodumpha funso, wosiya nthawi iliyonse, ndipo thandizo limene amalandira kuchipatala silidzasintha. Mapepala a siginecha ndi zidindo za chala adzatsekeredwa paokha, kutali ndi mayankho. Wosweka mtima pocheza adzamulumikiza ndi namwino wa matenda a maganizo wa kuboma. Mawu adzajambulidwa pa karekoda, osati pa foni, adzasungidwa pa laputopu yokhoma ndi pasiwedi, ndipo akadzalembedwa papepala adzafufutidwa. Kenako ndime imene komiti inkafuna: mawuwo adzawamva anthu atatu okha. Iye mwini, supavaiza wake, ndi womasulira Chiyao mmodzi, mayi Dinala, mphunzitsi wopuma wa ku Ntaja amene alibe mbale kunyanja, yemwe adzayambe wasaina lonjezo losunga chinsinsi. Pomalizira adaika kuti chinsinsi chikadzaululika mwanjira iliyonse, adzadziwitsa komiti pasanathe masiku awiri, ndipo mwini mawu adzauzidwa.

Supavaiza wake, a Dokotala Kambalame, adali munthu wansangala, wokonda ophunzira ake, wothamanga nthawi zonse. Adawerenga tsamba loyamba ali chiimire, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Mwalemba ngati loya, Victoria. Tikutayani ife, mupita kukhoti inu."

Adasaina pansi pa dzina la Victoria. Patapita milungu ingapo chilolezo chidatuluka, chili ndi nambala ndi chidindo. Victoria adachijambula n'kutumizira bambo ake, amene adayankha kuti nanga gauni livalidwa liti.

Victoria adatenga makalata a kwa a DC ndi a ofesi ya zaumoyo, adakaonekera kwa amfumu, nayamba ntchito m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu wopita ku Makokola. Nyengo idali yotentha, usipa uli mbuu pamathandala, fungo lake likulowa mpaka m'kachipinda ka kuchipatala.

Naima adabwera pa sikelo yachitatu. Adali wamng'ono kwa Victoria, wovala mpango wobiriwira, mwana wake Amidu ali mtulo kumsana. Mwamuna wake, Che Hafiz, adamira chaka chapitacho. Victoria adamuwerengera kalata ya chilolezo mpaka kumapeto, Naima akumvetsera maso ali pakarekoda kamene kadali patebulo.

"Imeneyo ndi imene mumatiwerengera ife," adatero. "Nanga imene munawalembera mabwana anuwo ikuti chiyani? Munthu amanena zina kwa ife, zina kwa mabwana."

Palibe adamufunsapo chotere. Victoria adatulutsa masamba awiri aja m'chikwama, nawawerenga pang'onopang'ono, akutembenuza Chingerezi chake chomwe kuti chimveke. Atafika pa ndime ya anthu atatu, Naima adakweza dzanja.

"Bwerezani pamenepo."

Adabwereza. Naima adawerenga ndi zala. "Inu. Aphunzitsi anu. Mayi a ku Ntaja. Mayiwo kuno sabwera?"

"Sanafikeko n'komwe. Nsomba amaziona zouma kale."

"Aphunzitsiwo?"

"Chiyao samva. Ndiponso ndi iwo amene anasaina apa."

Naima adayang'ana siginechayo ngati akuyang'ana nkhope ya munthu. Kenako adadinda chala, nachipukuta pa nsalu yake.

Adayamba m'Chichewa. Tulo sitibwera. Chakudya chimalowa chifukwa cha mwana. Apongozi ake, Abiti Jaffalie, amamusunga ngati mwana wawo, moti nsomba yabwino ikabwera pakhomo pawo theka limafika kwa iye. Koma Victoria atafunsa kuti kodi pali chimene sanauzepo munthu, Chichewa chidamuthawa Naima. Adayankhula Chiyao chokhachokha, chapansipansi, osapuma, ngati munthu amene akutsika phiri atasenza katundu. Victoria Chiyao ankachimva cha pamsika, chogulira tomato. Adatolako mawu apa ndi apo: foni, m'mawa, bata. Sadamudule.

Karekoda katazimitsidwa, Naima adafunsa, "Mwamva?"

"Pang'ono pokha."

"Che Hafiz sanagwe m'bwato. Kunalibe mwera tsiku limenelo. Ananditsanzika." Adakonza nsalu ya mwana. "Chibwerere ku Joni, atawabweza, sanalinso munthu yemwe uja. Ankanena zodzichotsera moyo, ine n'kumati ndi kutopa. Sindinauze aliyense. Tsikulo anandisiyira foni, anamunyamula Amidu, n'kumubweza. Ine ndinaima pakhomo."

Naima adapitiriza.

"Pamaliro ashehe ananena kuti womira m'madzi ndi shahidi, wafa imfa yolemekezeka pamaso pa Allah. Amayi awo anasiya kulira pomwepo. Mpaka lero akamawatchula amati shahidi wanga. Ndi chimene chimawadzutsa m'mawa. Ndiye ine ndikawalande?"

Victoria adamuuza za namwino wa kuboma, namulembera nambala ya foni pakapepala kopanda dzina la kafukufuku. Adamufunsanso ngati angakonde kuti mawuwo afufutidwe pomwepo.

"Asiyeni," adatero Naima. "Ndatula. Apite kutali komweko."

Potuluka adatembenuka pakhomo, nakweza zala zitatu, akumwetulira pang'ono. Victoria nayenso adakweza zitatu.

Mawu a Naima adakhala nambala seveni. Kumapeto kwa mwezi Victoria adapita kusukulu, napereka mafayilo onse kwa a Dokotala pa fulashi yokhoma, monga kalata idalolera, kuti amve ngati akufunsa bwino. Mayi Dinala adali atasaina kale lonjezo lawo, koma ankadwazika mchemwali wawo ndipo adapempha kuti awadikire. A Dokotala adadandaula. Kudali msonkhano waukulu wa zaumoyo mwezi wotsatira, ndipo ankafuna kukaonetsako zoyambirira za ntchitoyi.

"Manambala anthu amagona nawo, Victoria. Chimene chimadzutsa holo ndi mawu enieni a mayi wamasiye."

"Tidikire mayi Dinala, Doc."

"Tidikira, tidikira," adatero akuyankha foni ina.

Victoria adabwerera kunyanja kukamaliza.

Lachiwiri lina masana, akudikira kabaza pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi chipatala, kudafika mwamuna wovala malaya a yunifolomu ya loji. Adaimika njinga, osapereka moni.

"Ndinu a Victoria?"

"Ndine."

"Ine ndine Sadik. Ndimagwira ku loji uko, koma ndimamasuliranso Chiyao. Ofufuza ambiri akabwera kuno amandifuna. A Kambalame ndawagwirira ntchito kangapo." Adatulutsa foni m'thumba. "Loweruka ananditumizira mafayilo pa WhatsApp, akuti ndithamange nawo. Nambala seveni ndi alamu anga."



"Hafiz anali mkulu wanga," adapitiriza Sadik. "Bere limodzi. Ndinayamba ndi wani, thu, bwinobwino, ngakhale awiri mwa iwo ndawadziwanso. Pa seveni ndinangomva kupuma kokha, asanayankhule. Kenako Amidu analira pang'ono. Mwana amene ndimamugulira masiwiti."

"Achimwene, mafayilo amenewo simunayenera kuwalandira."

"Ndinawapempha?"

"Ayi. Pepani. Cholakwa si chanu."

"Ndinamvetsera mpaka kumapeto. Ndinabwerezanso. Ine ndi amene ndinamuvuula m'madzi, mukudziwa? Ndinamusambitsa ndi manja angawa. Chaka chonse ndakhala ndikutukwana nyanja, ndikutukwana bwato lobooka, kumadziimba mlandu kuti bwenzi nditapita naye. Alamu akundiona. Akundipatsa madzi akumwa, akundiona." Adapukuta kumaso ndi mkono. "Inu mlendo, wobwera ndi kachikwama, akukuuzani. Ine ayi."

"Anaopa kuwapweteka amayi anu."

"Musandiphunzitse za amayi anga."

Galimoto ya nsomba idadutsa ikudontha madzi. Victoria adadikira kuti phokoso lithe.

"Ndikupempheni chinthu chimodzi. Zimene mwamvazo zikhale mwa inu. Fufutani mafayilowo. Ine ndinawalonjeza alamu anu."

"Munalonjeza ndinu. Ine ndinasaina pati?"

Palibe pamene adasaina. Victoria adadziwa kuti ngakhale akadasaina, pepala silikadamutseka makutu, koma kusowa kwa pepalalo kudamuvula. Sadik adakwera njinga.

"Mukawauze a Kambalame apeze wina. Ine ndalekera pa seveni."

Victoria adaimba foni ali pomwepo. A Dokotala adayankha mwansangala, kumbuyo kukumveka mbale ndi masipuni.

"Doc, mafayilo anga munatumiza kwa ndani?"

"Aa, Sadik wakupezani? Mnyamata wachangu uja. Ndimafuna ndikudzidzimutseni, mupeze ntchito yatha."

"Nambala seveni ndi mkazi wa mchimwene wake. Wamuzindikira."

Mbale zija zidapitiriza kulira. "Ayi, zachisoni zimenezo," adatero a Dokotala. "Koma Mangochi ndi yaikulu, ndikanadziwa bwanji? Munalibe maina."

"Tinalemba kuti womasulira ndi mayi Dinala. Tinalemba kuti sizidutsa pa foni. Munasaina."

"Victoria, ndimasaina makalata otere ambirimbiri pachaka. Amafanana onse. Mverani kuno, chotsani seveniyo, muli ndi ena okwanira. Sadik ndimuimbira, ndi munthu womva. Nkhani ithere pomwepo."

"Ndiyenera kudziwitsa komiti."

Mawu awo adatsika, adakhala a bambo wolangiza mwana. "Mukatero aimitsa zonse. Komiti imakumana kamodzi pamwezi, ndipo nkhani ngati iyi siitha pa nkhumano imodzi. Anzanu avala magauni inu mukuyankha makalata. Ndiponso taonani pa pempho paja, mwini kafukufuku ndi ndani? Ine ndine woyang'anira chabe. Ndikukutetezani inuyo apa."

Victoria adayang'ana foni ngati yamuluma. Munthu ameneyu ndi amene adamuuza m'chaka choyamba kuti ali ndi mutu wabwino, amene adamuyendera bambo ake atagonekedwa m'chipatala. Ankamukhulupirira monga ankakhulupirira doko la kwawo, loti ungafikepo ngakhale maso ali chitsinzire. Chimene chidamupweteka kwambiri si kutumiza mafayilo kuja. Ndi kuti a Dokotala ankadziwa bwino lomwe pamene dzina lake lidalembedwa, pamene ndime ya anthu atatu sadaikumbukire.

Wa kabaza adafika, nayimba belu. Victoria adamuuza kuti apite.

Adakhala pa muzu wa mango uja nthawi yaitali. Adaganiza za bambo ake ndi funso lawo la gauni. Adaganizanso kuti mwina Sadik aupeza mtima, akhala chete, Naima sadzadziwa konse, ndipo iye akapita kukamuuza ndiye kuti akukamupweteka popanda chifukwa. Ganizo limeneli lidali lokoma, ndipo adaliona kuti likufanana ndi mawu a a Dokotala. Adaimbira mayi Edith.

Mayi Edith adamvetsera osadula. Victoria atamaliza, mayiwo adafunsa kuti mafayilo adapita angati, adapita liti, ndipo womasulirayo wazindikira anthu angati.

"Imitsani kucheza ndi anthu kuyambira lero," adatero. "Lembani zonse monga mwandiuziramu, zifike mawa. Wapampando ndimuuza ine. Mafayilo amene ali pa foni ya bamboyo ayenera kufufutidwa, ndipo onse amene mawu awo anapita kumeneko ayenera kuuzidwa. Muyambe ndi amene ali pangozi."

"Nanga a Dokotala?"

"Afunsidwa. Alemba mbali yawo." Mayi Edith adapuma. "Sindikunamizani, mwanawe. Iwo ntchito yawo ipitirira. Chilolezo chimene chiimitsidwe ndi chanu."

"Ndamva."

"Mayiyo mwamuona?"

"Ndikupita."

"Musapite ndi chikwama. Pitani ngati munthu."

Kupita pakhomo pa Naima kudali kuswa ndime yoyamba ya kalata yake yomwe, ija yoti sadzaima pakhomo pa munthu. Adayesa kaye kudzera kwa mlangizi wa zaumoyo kuti amuitane kuchipatala ngati ndi za sikelo. Mlangizi adabwerako n'kunena kuti Naima wati amene akumufuna akudziwa njira.

Victoria adapita m'mawa mwake, chikwama atachisiya. Njira idadutsa pakati pa mathandala, ndipo amayi amene ankatembenuza usipa adasiya kuyankhula iye akudutsa. Mmodzi adamulozera nyumba asadafunse n'komwe. Apo adadziwa kuti wachedwa.

Naima adali pakhonde akusankha mpunga m'lichero. Amidu ankakoka chigubu chomangirira chingwe pabwalo. Naima adayala mkeka monga amachitira kwa mlendo aliyense, adapereka moni wonse, kufunsa za kunyumba ndi za ulendo, kenako adabwerera ku lichero lake.

"Ndabwera kudzakuuzani kuti mawu anu anamvedwa ndi munthu amene sanayenera kuwamva," adayamba Victoria.

"Ndikudziwa. Alamu anabwera dzulo madzulo. Anabwera ndi amayi awo."

"Anawauza?"

"Sanawauze. Anaika foni pamkeka pomwe mwakhalapo, n'kuiyatsa." Naima adatola kamwala mumpunga, nakaponya pabwalo. "Ndinadzimva ndekha ndikuyankhula. Sindinkadziwa kuti mawu anga ndi otero. Oyandikana nawo anabwera kumpanda, ankayesa ndi wailesi."

Victoria adatseka maso.

"Amayi sanakalipe. Bola akanakalipa. Anamvetsera mpaka pamene ndinati ndinaima pakhomo. Ndiye anandifunsa kuti, 'Unaima pakhomo?' Basi. Analowa m'nyumba, anatenga msala wa Che Hafiz umene ankaswalirapo, umene anandisiyira kuti ndidzampatse Amidu, n'kumapita. Lero m'mawa Amidu anathamangira kwawo monga amachitira. Chitseko chinali chotseka."

"Achemwali, pepani. Sindine ndinatumiza. Aphunzitsi anga anatumiza osandiuza, ine ndinadziwa dzulo lomweli."

"Aja anasaina aja?"

"Omwewo."

"Chiyao samva, munatero."

"Samva. N'chifukwa chake anafuna womasulira msanga."

Naima adagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati wamva mtengo wa chinthu pamsika. "Ine aphunzitsi anuwo sindiwadziwa. Sindinawaonepo. Zala zitatu munandikwezera ndinu."

Victoria adafuna kunena kuti wakanena kukomiti, kuti kafukufuku waimitsidwa, kuti chaka chino gauni savala. Mawuwo adafika pakhosi, ndipo adaona kuti akufuna kuwaika pamkeka ngati malipiro. Adawameza. Adangonena zimene Naima adayenera kudziwa: kuti nkhaniyi yafika kwa amene adapereka chilolezo, kuti mafayilo afufutidwa, kuti Naima ali ndi ufulu wokadandaula yekha kukomiti pa nambala imene ili pakalata yake, ndiponso kuti namwino uja wavomera kubwera kudzamuona, iye ngakhalenso apongozi ake, ngati angafune.

"Ndikadandaula, amayi aiwala zimene amva?"

"Ayi."

"Ndiye nambalayo ikhale." Adapeta mpunga kawiri, mankhusu n'kuulukira pa nsalu ya Victoria. "Namwinoyo abwere. Osati chifukwa cha inu. Usiku wathawu ndinaganiza zimene ankaganiza Che Hafiz, ndipo ulendo uno sindiima pakhomo n'kumangoyang'ana."

Victoria adamufunsa mosazungulira ngati maganizowo akadalipo, ndi amene agone naye m'nyumba. Naima adati mchemwali wake wabwera kale kuchokera ku Chowe, ali kumadzi. Victoria adaimbira namwino pomwepo, Naima akumva, ndipo adagwirizana kuti afika tsiku lomwelo masana.

Amidu adabwera ndi chigubu chake, naima patsogolo pa mlendo akumuyang'ana. Adali ndi mphumi yotakata imene Victoria adaiona dzulo lake pa nkhope ya Sadik. Naima adamukokera pamiyendo pake.

"Pepala lanu lija linali labwino," adatero. "Ndinalikonda. Palibe anandiwerengerapo chinthu chotere, chonena za ine, choti wina wakhala pansi n'kuganiza kuti Naima asapwetekedwe. Ndinauza mtima wanga kuti anthu ophunzira akalemba, ndiye kuti zatha." Adapukuta mphuno ya mwana ndi nsonga ya nsalu. "Munati munthu akhoza kusiya nthawi iliyonse. Pamenepo mpoona, kapena naponso?"

"Mpoona."

"Ndiye ndasiya. Mundichotsemo."

"Ndikuchotsani lero. Palibe liwu lanu limene lidzalembedwe paliponse."

"Ndi mawu anga mundibwezere."

Victoria adayang'ana manja ake. Pa laputopu akadafufuta, pa fulashi, pa foni ya a Dokotala, pa foni ya Sadik. Naima ankadziwa zimenezi, ndipo sizimene ankanena. Adadikira yankho mwaulemu, monga adadikirira m'kachipinda muja kuti ndime ibwerezedwe.

Kuseri kwa mpanda, chitseko cha Abiti Jaffalie chidali chikhalire chotseka. Naima adanyamula lichero nalowa m'nyumba. Victoria adatsala pamkeka kudikira namwino, amayi a kumathandala akumuona, pakhomo pamene adalemba kuti sadzaimapo.